Kabuku ka Malangizo: Kagwiritsidwe Ntchito ka Nyale ya Sola Yotchajanso Foni

Kabuku aka kamasuliridwa m'Chichewa kuchokera ku kapepala ka Chingerezi kamene kali m'bokosi, ndipo mwina ndi mwina tawonjezeramo zothandiza ogula a muno mu Blantyre ndi madera ozungulira. Mawu olembedwa pa nyale yeniyeniyo, monga ON/OFF, USB ndi SOLAR IN, tawasiya momwe alili kuti muziwazindikira mukawaona. Werengani kabuku konse musanayatse nyale, ndipo kasungeni pamodzi ndi lisiti lanu.

ZIMENE ZILI M'BOKOSI

Nyale imodzi, panelo ya sola imodzi yokhala ndi chingwe chake cha mamita 5, kachingwe kotchajira foni ka mitu itatu, mbedza yopachikira, ndi misomali 4 yopota. Tsegulani bokosi mukadali m'sitolo, wogulitsa akuona. Ngati china chikusowa, nenani pomwepo musanakwere minibasi.

CHITHUNZI 1: Kutsogolo ndi m'mbali mwa nyale

A. Chogwirira, chimenenso ndi chopachikira
B. Galasi lotulutsa kuwala
C. Batani loyatsira ndi kuzimitsira (palembedwa ON/OFF)
D. Tinyale titatu tobiriwira tosonyeza moto wotsala m'batire
E. Kanyale kofiira kosonyeza kuti nyale ikutchaja
F. Kabowo kozungulira kolowetsa chingwe cha panelo (palembedwa SOLAR IN)
G. Kabowo kotchajira foni (palembedwa USB)
H. Kachivindikiro ka labala kotseka mabowo F ndi G

CHITHUNZI 2: Panelo

J. Nkhope ya panelo, yoyang'ana kudzuwa
K. Felemu yachitsulo
L. Mabowo 4 a misomali
M. Chingwe
N. Mutu wa chingwe, wolowa mu kabowo F

GAWO 1: TSIKU LOYAMBA

Nyale imachoka kufakitale ili ndi moto pang'ono chabe. Ikhoza kuyaka mukangoitulutsa, koma musakomedwe nayo usiku woyamba.

1. Matulani kapepala ka pulasitiki kamene kali pankhope ya panelo (J). N'koonekera mkati, moti ambiri sakaona, amangodabwa kuti nyale ikuchedwa kudzadza.
2. Tsegulani kachivindikiro (H) ndi kulowetsa mutu wa chingwe (N) mu kabowo F mpaka ufike. Ukakana musakakamize, onani ngati simukuulowetsa mu G.
3. Ikani panelo padzuwa, nyale ikhale pamthunzi.
4. Yang'anani kanyale kofiira (E). Kakayaka ndiye kuti moto ukulowa.
5. Isiyeni itchaje tsiku lonse, kuyambira 8 koloko m'mawa mpaka 4 koloko masana, ili yozimitsa. Ngati kuli mitambo, itchajeni masiku awiri.
6. Tinyale tonse titatu (D) tikayaka, batire ladzadza.

GAWO 2: KUIKA PANELO PAMALO AKE

Madandaulo ambiri akuti "nyale sikhalitsa moto" amachokera pamalo pamene panelo yaikidwa, nyaleyo ili bwinobwino. Choncho apa musapupulume.

CHITHUNZI 3: Panelo padenga

P. Muvi woloza kumpoto
Q. Mbali yokwezedwa (yakummwera)
R. Kathabwa kotchinjiriza
S. Mpata wodutsa mpweya
T. Chingwe chopindidwira pansi chisanalowe m'nyumba

1. Pezani kumpoto. Imirirani m'mawa, dzanja lanu lamanja liloze kumene dzuwa likutulukira. Kumene nkhope yanu yayang'ana ndiko kumpoto (P).
2. Yang'anitsani panelo kumpotoko. Zithunzi zina za m'mabuku a kunja zimati panelo iyang'ane kummwera. Zimenezo ndi za maiko a kumpoto kwa dziko lapansi, monga ku Ulaya. Kuno kwathu dzuwa la masana limakhala chakumpoto pafupifupi miyezi 9 pachaka, ndipo limapendekeka kwambiri mu Juni ndi Julayi. Kuyambira Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale limadutsa chakummwera pang'ono, koma limakhala pafupifupi pamutu, kotero palibe chifukwa chotembenuzira panelo.
3. Ipendekeni madigiri 15 mpaka 20. Panelo iyi ndi yotalika masentimita 20, ndiye mukakweza mbali yakummwera (Q) ndi kathabwa kokhuthala masentimita 6 (R), mwafikapo. Panelo yogonekedwa chagada imasunga fumbi ndi madzi.
4. Musaigoneke pamalata penipeni. Malata a mu Okutobala amatentha mosagwirika, ndipo panelo ikatentha kwambiri imapereka moto wochepa. Siyani mpata wolowa zala ziwiri (S).
5. Onetsetsani kuti palibe mthunzi kuyambira 9 koloko mpaka 3 koloko. Musangoyang'ana kamodzi. Malo amene ali padzuwa m'mawa akhoza kukhala pansi pa mthunzi wa mtengo wa mango kapena denga la aneba masana. Tizigawo ta panelo tinalumikizidwa mondondozana, choncho mthunzi ukaphimba ngodya imodzi yokha, ngakhale wa waya woyanikapo zovala wokhala ndi chitenje, moto wa panelo yonse umatsika. Amene nyumba zawo zili m'munsi mwa phiri, monga mbali zina za Ndirande kapena Soche, ayambe aona nthawi imene dzuwa limawafika ndi imene limabisika.
6. Khomani panelo pa kathabwa ndi misomali yopota kudzera m'mabowo L. Musaboole felemu pena paliponse, ndipo musaitsindire ndi njerwa pankhope.
7. Chingwe chisanalowe m'nyumba, chipindeni chilendewere pansi pang'ono kenako chikwere (T). Madzi a mvula otsata chingwe azidontha pamenepo m'malo molowa mpaka pa nyale.
8. Musapanikize chingwe ndi chitseko, zenera kapena m'mphepete mwa lata.

Ngati mumachita lendi ndipo eni nyumba sakulola kukhoma, kapena mukuopa akuba, muziitulutsa panelo m'mawa ndi kuilowetsa madzulo. Kungoti musaiike kuseri kwa galasi la zenera: itchajabe, koma mochedwa kwambiri.

GAWO 3: KUYATSA

1. Dinani batani (C) kamodzi: kuwala kochepa, kokwanira kugonera mwana kapena kupita kuchimbudzi. Kumatha maola 40.
2. Dinani kachiwiri: kuwala kwapakati, kophikira ndi kudyera. Maola 15.
3. Dinani kachitatu: kuwala kwambiri, kowerengera kapena kugulitsira pabenchi usiku. Maola 6.
4. Dinani kachinayi: yazima.

Maola amenewa ndi a batire lodzadza, lomwe simunatchajirepo foni. Kanyale kamodzi kokha (D) kakatsala n'kumaphethira, nyale imatsikira yokha pa kuwala kochepa. Sinawonongeke, ikungosunga moto wotsalawo.

Popachika, kolekani chogwirira (A) pa mbedza chapakati pa chipinda, pamwamba pa mitu ya anthu. Mwana akamawerenga, nyale ikhale pambali, isamuthobwe m'maso.

GAWO 4: KUTCHAJA FONI

1. Onani kuti tinyale tiwiri kapena titatu (D) tikuyaka.
2. Lowetsani kachingwe mu kabowo G.
3. Sankhani mutu wolingana ndi foni yanu. Tchajani foni imodzi pa nthawi imodzi.
4. Foni ikadzadza, zulani kachingwe ndi kutseka kachivindikiro (H).

Tinene mosabisa: batire lake ndi limodzi, foni ndi kuwala zimadyera m'mbale imodzi. Foni ya mabatani imatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a moto wa nyale. Foni yaikulu yamakono ili ndi batire loposa la nyaleyi, moti imatha kumaliza moto wonse isanadzadze n'komwe. Nthawi yabwino yotchaja foni ndi masana, panelo ili padzuwa, kuti madzulo nyale ipezeke ili ndi moto. Musalumikizeko wailesi yakanema, batire la galimoto kapena mababu ena.

GAWO 5: KUSAMALA

1. Pukutani nkhope ya panelo ndi kansalu kofewa konyowa kamodzi pa sabata. Kuyambira Ogasiti mpaka mvula itayamba, pamene fumbi ndi phulusa la moto wa tchire zili ponseponse, pukutani kawiri. Chitani izi m'mawa panelo isanatenthe.
2. Musagwiritse ntchito mchenga, phulusa, sitiliwulo kapena palafini. Zitosi za mbalame zinyowetseni kaye, zichoka zokha.
3. Panelo siopa mvula. Nyale imapirira timadontho tochepa ngati kachivindikiro katsekedwa, koma isamizidwe m'madzi.
4. Nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, kukachita nkhungu ndi mvula yowaza masiku angapo, panelo imatchajabe koma pang'onopang'ono. Masiku amenewo gwiritsani ntchito kuwala kwapakati, foni mukatchajire kwina.
5. Mukafuna kuisunga nthawi yaitali, idzadzeni kaye, ndipo muziitchaja miyezi 3 iliyonse. Batire losiyidwa lopanda moto kwa miyezi limafa.

CHENJEZO

Musasiye nyale padzuwa, padenga, pafupi ndi mbaula kapena m'galimoto yotseka. Batire la lifiyamu limawonongeka ndi kutentha.
Musatsegule nyale, musaboole batire, musaliponye pamoto.
Musalumikize nyale ku magetsi a m'nyumba, kapena ku panelo yaikulu ya mavoliti 12.
Nyale ikatupa, ikanunkha kupsa kapena ikatentha mosagwirika, zulani chingwe, iikeni panja pa dothi kutali ndi udzu ndi ana, ndipo musaigwiritsenso ntchito.
Kukamachita ziphaliwali musakwere padenga.

GAWO 6: IKAVUTA

Kanyale kofiira sikakuyaka: zulani mutu wa chingwe ndi kuulowetsanso bwino. Kenako tsatani chingwe chonse ndi zala, makamaka pamene chadutsa pakati pa khoma ndi denga, chifukwa makoswe amakonda kudula pamenepo.

Nyale ikuzima msanga: pukutani panelo, fufuzani mthunzi masana, ndipo funsani a m'nyumba ngati wina sanatchajepo foni.

Foni sikutchaja: yesani kachingwe kena. Ngati patsala kanyale kamodzi, kabowo ka USB kamadzitseka kokha mpaka nyale itatchajanso.

Nyale sikuyaka n'komwe: itchajeni masiku awiri adzuwa, kenako dinani batani osalisiya kwa masekondi 10.

ZA NYALEYI

Panelo: mawati 3. Batire: mavoliti 3.2, 3,000 mAh. Potchajira foni: mavoliti 5. Kutchaja mpaka kudzadza: tsiku limodzi ladzuwa labwino.

CHITSIMIKIZO

Nyale ndi panelo zili ndi chitsimikizo cha zaka 2 kuchokera tsiku lolembedwa pa lisiti. Zikawonongeka zokha, pitani nazo kusitolo kumene munagula, mutatenga nyale, panelo ndi lisiti, zonse pamodzi, pakuti vuto sangalipeze ndi nyale yokha. Adzakukonzerani kapena kukupatsani ina kwaulere. Chitsimikizo chimatha ngati nyale yatsegulidwa, ngakhale ndi okonza mafoni a mumsika wa Limbe, ngati yamira m'madzi, yasweka pogwa, kapena chingwe chadulidwa n'kulumikizidwa ndi waya wina. Chingwe chodyedwa ndi makoswe amachisintha pa mtengo wake. Batire likadzatheratu musalitaye kudzala kapena m'chimbudzi: pitani ndi nyaleyo kusitoloko osaitsegula, adzakuikirani latsopano.