Malangizo a kagwiritsidwe ntchito ka chizindikiro, mitundu ndi zilembo za bungwe lathu (kope lachiwiri)

Chikalata ichi talembera anthu atatu: wosindikiza, wopenta zikwangwani ndi makoma, ndiponso wodzipereka amene amakonza mapositala ndi zolengeza pafoni. Mwana akaona chikwangwani cha nyumba yathu yowerengeramo mabuku, kenako tisheti ya womuwerengera nthano, azidziwa kuti zonsezi n'zamodzi asanawerenge n'komwe dzina. Gawo loyamba ndi la nonse. Mukaliwerenga mutha kulumphira pa gawo lanu.

Zokhudza nonse

Chizindikiro chathu ndi buku lotsekula lobiriwira, dzuwa lachikasu pamwamba pake, ndi dzina la bungwe pansi. M'lifupi ndi magawo atatu, m'litali awiri, ndipo zimenezi sizisintha. Dzuwalo ndi lozungulira ndendende, ndiye mukaliona likuoneka ngati dzira, dziwani kuti wina wachikoka.

Muyeso wathu ndi dzuwa lomwelo. Siyani malo opanda kanthu, okula ngati dzuwa limodzi, mbali zonse zinayi za chizindikiro. Pamalo amenewa pasalowe mawu, m'mphepete mwa pepala, kapena chizindikiro cha amene atithandiza ndi ndalama. Tasankha muyeso umenewu chifukwa umakula pamodzi ndi chizindikirocho, pa envulopu kapena pakhoma. Papepala chizindikiro chisachepere mamilimita 25 m'lifupi. Malo akachepa, gwiritsani ntchito chaching'ono chopanda dzina.

Pamalo oyera chizikhala cha mitundu iwiri. Pamalo obiriwira buku ndi dzina zikhale zoyera, dzuwa likhalebe lachikasu. Pa chidindo ndi pa fotokope chikhale chakuda chokhachokha. Musachiike pamwamba pa chithunzi, musachipendeketse, ndipo musalembenso dzinalo ndi zilembo zanu.

Mitundu ilipo iwiri basi, kuwonjezera pa woyera ndi wakuda. Mawu akuti "wobiriwira" paokha satanthauza kanthu, popeza aliyense ali ndi kubiriwira kwake m'mutu. Nawa manambala:

```
Wobiriwira  CMYK 80 35 100 30  RGB 46 94 42    #2E5E2A  RAL 6002
Wachikasu   CMYK 0 38 100 0    RGB 249 168 0   #F9A800  RAL 1003
```

Manambala a CMYK ndi a inki, a RGB pamodzi ndi oyamba ndi # ndi a pakompyuta ndi pafoni, pomwe a RAL ndi a penti. Sadzafanana ndendende, chifukwa foni imatulutsa kuwala kwake pamene inki ndi penti zimadalira kuwala kozigwera. N'chifukwa chake mu ofesi tasunga timatabwa tiwiri topakidwa mitundu yeniyeniyo. Pakabuka kusagwirizana, timatabwato ndito timagamula. Musayerekezere mtundu ndi chithunzi cha pafoni.

Wachikasu ndi wa dzuwa ndi mizere yokongoletsera. Mawu achikasu pamalo oyera sawerengeka, choncho ndi oletsedwa.

Zilembo zathu ndi Noto Sans: mitu mu Bold, mawu ena onse mu Regular. N'zaulere, ndipo zili ndi chilembo cha ŵ chimene zilembo zambiri zokongoletsa zilibe. Kompyuta ikakhala ilibe Noto Sans, gwiritsani ntchito Arial.

Kwa osindikiza

Tidzakupatsani `chizindikiro_cmyk.pdf` ndi `chizindikiro.svg`. Mafayilo amenewa ndi ojambulidwa ndi mizere, ndiye mutha kuwakulitsa mpaka pa nsalu ya mamita atatu osablanda. Wina wa ife akakubweretserani chizindikiro chokopedwa pa intaneti, mukaneni ndithu, muitanitse choyenera kwa mlembi. Zithunzi zikhale `300 dpi` pa kukula kumene zidzatulukire, `bleed` ikhale mamilimita 3, ndipo mawu atalikire mamilimita 5 kuchokera podula. Zilembo muzisandutse mizere ndi `Create Outlines` kapena `Convert to Curves`. Musanayambe zochuluka, tulutsani chimodzi pa pepala kapena nsalu yomwe mudzagwiritse ntchitoyo, poti pepala losanyezimira limamwa inki ndipo wobiriwira wathu amada. Mlembi akasainira kumbuyo kwa chitsanzocho, pitirizani. Zosindikizidwa popanda siginecha imeneyi bungwe sililipira.

Kwa openta

Gawo ili talitalikitsa dala. Inu mulibe fayilo yokuongolerani dzanja, komanso ntchito yanu ndi imene imakhala zaka anthu akuiona tsiku ndi tsiku.

Pamodzi ndi chikalata ichi mulandira pepala la A4 pomwe chizindikiro chagawidwa m'timabokosi, 12 m'lifupi ndi 8 m'litali. Jambulani timabokosi tomweto pakhoma ndi choko, pogwiritsa ntchito chingwe ndi levulo, kenako kopani bokosi ndi bokosi. Bokosi lililonse likakhala masentimita 10, chizindikiro chituluka masentimita 120 ndi 80. Likakhala masentimita 15, chituluka 180 ndi 120. Dzuwa limatenga timabokosi titatu. Musalijambule ndi dzanja lokha: khomani msomali pakati, mangani chingwe chokwana bokosi limodzi ndi theka, ndipo zungulizani choko.

Khoma liyambe lapakidwa penti yoyera yapansi n'kuuma bwino. Pa simenti yosapaka, wachikasu amazimirira n'kuoneka wakuda. Pogula penti tengani timatabwa tija. Wogulitsa akakhala ndi makina osakanizira, mupatseni nambala ya RAL. Ngati musakaniza nokha, sakanizani yokwanira ntchito yonse nthawi imodzi, chifukwa chitini chachiwiri sichifanana ndi choyamba ngakhale mutasamala bwanji. Pakani pang'ono pakona, dikirani iume, ndipo muyerekezere ndi kathabwa panja masana, pamthunzi. Penti yaiwisi imanamiza.

Pa zilembo, werengerani masentimita awiri ndi theka a msinkhu pa mamita atatu alionse amene wowerenga adzaimire. Chikwangwani chowerengedwa munthu ali pa mamita 30 chimafuna zilembo za masentimita 25. Mawu akakhala sakukwana, tiuzeni tichotseko ena, musawapanikize. Tikudziwa kuti ambiri a inu muli ndi luso loika mthunzi kumbuyo kwa zilembo ndi timaluwa m'makona, ndipo pa ntchito zina zimakongoladi. Pa yathu ayi. Dzina lanu mutha kulemba pakona yapansi kumanja, lisapitirire masentimita atatu. Mukamaliza kujambula ndi choko, itanani mlembi adzawerenge mawu onse penti isanakhudze khoma.

Kwa odzipereka

Musayambire pa tsamba lopanda kanthu. Tsekulani `positala_A4.docx` kapena `cholengeza.pptx`, sinthani mawu okha, chizindikiro muchisiye pomwe chili. Mukafunika kuchikulitsa, kokani pakona mutagwira `Shift`, osati m'mbali. Potumizirana pafoni tumizani ngati `Document`, chifukwa mukachitumiza ngati chithunzi chimapanikizidwa n'kuyamba kublanda.

Cholengeza chizinena chochitika, tsiku, nthawi ndi malo, motsatana choncho, m'mawu amene kholo lingawerenge likudutsa. Ana obwera kwa ife timawatchula "owerenga", sitinena "ovutika" kapena "opindula". Chithunzi choonetsa nkhope ya mwana chimafuna chilolezo cholembedwa cha kholo kapena womulera, ndipo dzina lonse la mwana silitchulidwa. Ngati mwangosintha tsiku ndi malo, tumizani osadikira aliyense. Koma chinthu chatsopano, monga tisheti, kalendala kapena chikwangwani, chiyambe chaonedwa ndi mlembi, amene adzayankha pasanathe masiku awiri ogwira ntchito.

Mafayilo onse, pepala la timabokosi ndi timatabwa ta mitundu amasunga ndi mlembi. Wobwereka timatabwa alembetse m'kaundula ndi kutibweza ntchito ikatha. Amene ali ndi kope loyamba aling'ambe, chifukwa nambala ya wobiriwira yasintha.