Mawu Olandira Alendo pa Ukwati wa ku Domwe

Zikomo amfumu athu eni mudzi uno, zikomo mafumu amene mwaperekeza alendo, akuluakulu a mpingo, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, amayi ndi abambo. Amayi a nthungululu, tapumirani pang'ono kuti ndimveke, mawu anga ndi a nkhalamba.

Ine ndine mtsibweni wake wa mkwatibwi, mwinimbumba wa pakhomo pano. Alongo anga ndiwo andituma kuti ndiimirire ndinene mawu awa m'malo mwa banja lonse: takulandirani kuno ku Domwe, m'boma la Angoniya, m'dziko la Mozambiki. Khalani momasuka, mwafika kwanu.

Ndiyambe ndi inu asewere athu, akuchimuna ochokera ku Dedza. Mwadzuka tambala woyamba, mwaima pamzere pa chipata cha Kalomwe kudinditsa mapepala, kenako mwalowa msewu wathu wafumbiwu kuchokera ku Ulongwe. Ndinali pamsewu pamene lole yanu imaima. Ndinaona agogo ake a mkwati akutsitsidwa ndi anyamata awiri, mpango uli mbuu ndi fumbi, miyendo itatupa chifukwa chokhalitsa, koma atangoponda pansi anayamba okha nyimbo. Agogo, tikadakumvetsani mukadatsala kunyumba n'kungotumiza moni. Inu mwasankha kudzaona ndi maso anu kumene mdzukulu wanu wapeza banja, ndipo ulemu umenewu sitiuiwala.

Pali chinthu chimene ana ambiri pano sachidziwa, ndipo lero ndi tsiku lake loti achimve. Msewu umene mwadzera lerowu, ife tinaudutsa chobwerera m'zaka za nkhondo, katundu ali pamutu, ana ali kumsana, mbuzi ndi nkhokwe titazisiya m'mbuyo. Midzi yambiri ya Angoniya ndi Tsangano inathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu. Amene anatilandira anali anthu ngati inu. Anatipatsa malo omangapo zisakasa, anatibwereka makasu ndi timinda, ndipo titaferedwa anatilozera pogoneka abale athu m'manda awo. Mayi ake a mkwatibwiyu anakulira kumeneko, sukulu anayambira kumeneko. Mtendere utasainidwa pa 4 Okutobala 1992 tinayamba kubwerera pang'onopang'ono kudzalambula mabwinja athu. Ndiye mukaona ndikugwetsa misozi musadabwe. Lero anthu a ku Dedza abwera kudzadya nsima pakhomo panga, popanda wothamangitsa mnzake, ndipo chawabweretsa ndi ukwati.

Abale athu a mumzinda wa Tete ndi a ku Moatize, inunso takuonani. A ku Tete mwawoloka Zambezi, ndipo nonse mwapanikizana m'maminibasi athu a shapa makilomita oposa 200 kukwera kuno kumapiri. Mwazolowera kutentha kwa kuchigwa, ndiye ndikuchenjezeni: kuno mwezi uno dzuwa likangolowa kumazizira zedi. Mabulangete tasonkhanitsa m'mudzi monse, nkhuni zilipo, musachite manyazi kupempha. Azakhali a ku Katete, amene mwadzera ku Kasakatiza n'kugona panjira, zikomo kwambiri. Anzake a mkwati ochokera ku Lilongwe, nanunso khalani pansi bwino.

Kwa inu apongozi anga, mwana tikukupatsaniyu tamulera ndi khasu. Fizi yake ya sukulu inachokera m'munda wa mbatata ya kachewere uli kuseri kwa nyumbayi. Ndi waulemu, koma ndi munthu, adzalakwa. Akalakwa musamusungire kumtima, ankhoswe ndi awa akhala apawa, ndipo malirewa satiletsa kuyenderana. Mwana wanunso ife tamulandira. Chaka chatha anabwera nthawi yokolola, osaitanidwa, n'kusenza nafe matumba a chimanga mpaka madzulo. Tinamuona, ndipo mitima yathu inakhala pansi.

Tsopano za pamimba. Amayi akhala pamoto kuyambira dzulo, thobwa lapsa, ng'ombe yagwa. Oyamba kudya ndi alendo akutali. Ife a m'mudzi muno tidikire, tiwatengere madzi osamba m'manja. Anyamata, ndakuuzani kale, wina asavutitse mlendo kapena kuyambitsa ndewu pabwalo pano. Abambo adzagona kwa amfumu, amayi m'nyumba ziwiri za alongo anga, ndipo amene ali ndi ana aang'ono kapena akumwa mankhwala auze mtsikana wavala chitenje chobiriwirayo, awasamalira. Nthawi ya perekaniperekani ikafika, wina asadandaule kuti sanasinthe ndalama. Metikali tilandira, kwacha tilandira, ya Malawi ndi ya Zambia yomwe.

Ngati pali pamene tapelewera, mutikhululukire ndipo mutiuze ife eni, tikonze mukadali pano. Ankhoswe akuchimuna, bwalo ndi lanu, mutiuze mmene mwayendera ndi amene mwawasiya kunyumba. Amayi, ziimbani tsopano nthungululu zija.

Zikomo kwambiri.