Kalata kwa Chisomo pa Nkhani ya Malogarizimu

Ntcheu, 21 Malichi 2025

Wokondedwa Chisomo,

Ndaika kalatayi m'kope lako la masamu chifukwa ndikudziwa kuti sukonda kufunsa pamaso pa anzako, komanso kuti sabata ziwiri zimene tinkayamba mutu wa malogarizimu iwe unali chigonere kunyumba ndi malungo. Pochonga mayeso a Lachiwiri lapitali ndinaona kuti unalemba log₂ 8 = 4 ndiponso log₁₀ 100 = 10. Mayankho awiriwa ndi olakwa, koma andionetsa pamene pagona vuto: m'mafunso onse awiri unagawa nambala yaikulu ndi yaing'ono ija. Kugawako unagawa bwino, kungoti funso silinali la kugawa.

Usanapitirize kuwerenga, tenga pepala limodzi losagwiritsa ntchito. Lipinde pakati, ndipo uona kuti lasanjikizana pawiri. Ukalipindanso lisanjikizana panayi, ndipo ukalipinda kachitatu, n'kuwerenga m'mphepete mwake ndi chikhadabo, upeza timapepala 8. Unayamba ndi 1, ndipo kupinda kulikonse kunali kuchulukitsa ndi 2, motere: 1 × 2 × 2 × 2 = 8. Tsono wina atapeza pepala lopindidwalo n'kukufunsa kuti, "Kodi walipinda kangati kuti lifike pa 8?" ungayankhe kuti katatu. Funso limeneli ndilo logarizimu. Tikalemba log₂ 8 = 3 tikunena kuti, kuyambira pa 1, tachulukitsa ndi 2 katatu kuti tifike pa 8. Kanambala kam'munsi kaja, kamene timakatcha besi, ndiko kamene tikuchulukitsa nako mobwerezabwereza, ndipo yankho ndilo chiwerengero cha maulendo amene tachulukitsa.

Mapawa unawamvetsa bwino ndithu, ndipo sindikukayika kuti ukudziwa kuti 2³ = 8. Chiganizo ichi ndi chija cha log₂ 8 = 3 zikunena chinthu chimodzi. Pa mapawa amakupatsa 2 ndi 3 kuti upeze 8, pamene pa malogarizimu amakupatsa 2 ndi 8 kuti upeze 3. Yesa tsopano funso lako lachiwiri lija: 1 × 10 × 10 = 100, ndiye kuti tachulukitsa kawiri, choncho log₁₀ 100 = 2.

Ndimaumirira kuti tiziyambira pa 1 chifukwa zimathetsa funso limene limasokoneza ophunzira a Folomu 3 chaka ndi chaka, lakuti n'chifukwa chiyani log₂ 1 = 0. Pepala limene silinapindidwe lili pa 1, ndipo lapindidwa maulendo 0.

Malamulo amene ndinalemba pa bolodi, amene unakopera kwa mnzako osawamvetsa, amachokera pomwepa. Taona 8 × 4. Mu 8 muli ma 2 atatu ochulukitsana, ndipo mu 4 muli awiri, kotero (2 × 2 × 2) × (2 × 2) = 32 ili ndi ma 2 asanu. Ukapinda pepala katatu, kenako n'kulipindanso kawiri, ndiye kuti walipinda kasanu. N'chifukwa chake log₂ (8 × 4) = log₂ 8 + log₂ 4 = 3 + 2 = 5: nambala zikamachulukitsana, malogarizimu ake amaphatikizana. Kugawa kuli ngati kufunyulula pepala lija, choncho pamenepo timachotsera: log₂ (32 ÷ 4) = 5 − 2 = 3. Ine lamulo la kuphatikizali ndimalikonda kuposa ena onse, pakuti ndilo phindu lenileni la malogarizimu. John Napier wa ku Scotland anawafalitsa mu 1614, makina owerengera kulibe, ndipo akatswiri a zakuthambo ndi oyendetsa zombo anapeza mpumulo posandutsa kuchulukitsa nambala zitalizitali kukhala kuphatikiza chabe.

Si nthawi zonse pamene yankho limakhala nambala yathunthu. Popeza 10 × 10 = 100 ndipo 10 × 10 × 10 = 1000, log₁₀ 500 iyenera kukhala pakati pa 2 ndi 3. Ukadina batani la log pa kakyuleta, limene limagwiritsa ntchito besi 10, upeza pafupifupi 2.699. Uzolowere kuyerekeza chonchi usanadine, kuti chala chikaphonya uzizindikira wekha, makamaka pa mayeso a MSCE chaka chamawa.

Loweruka ndi Lamlungu lino upeze log₂ 64, log₃ 81, log₅ 125 ndi log₁₀ 10000. Usagwiritse ntchito kakyuleta. Pa funso lililonse uyambe ndi 1, ulembe kuchulukitsa konse pamzere umodzi, kenako uwerenge maulendo ake. Lolemba pa nthawi yopuma undipeze ku ofesi ya aphunzitsi ndi kope lako, ngakhale utakhala kuti wakwanitsa funso limodzi lokha, ndipo ubwerenso ndi pepala lopindidwa lija.

Ndine mphunzitsi wako wa masamu,

Mayi Nkhoma