Kupeza kukwera kwa mitengo ndi fomula ya MV = PY: funso ndi yankho lake

Funso: M'dziko lina, ndalama zomwe zikuzungulira pakati pa anthu zachuluka ndi 12 peresenti m'chaka chimodzi, pomwe katundu ndi ntchito zomwe dzikolo latulutsa zawonjezeka ndi 3 peresenti. Liwiro la ndalama silinasinthe. Kodi mitengo ya zinthu yakwera ndi maperesenti angati?

Yankho: Tiyambire pa fomula yomwe Irving Fisher anaitchukitsa mu 1911, ngakhale kuti iye ankalemba T, kuyimira malonda onse ochitika, pamalo pomwe lero timaika Y.

```
M × V = P × Y
```

M ndi kuchuluka kwa ndalama. V ndi liwiro lake, kutanthauza kuti ndalama imodzi imagula zinthu kangati pachaka. P ndi mulingo wa mitengo, ndipo Y ndi katundu ndi ntchito zenizeni zomwe zatulutsidwa. Kumanzere kuli ndalama zomwe ogula alipira, kumanja kuli mtengo wa zomwe agula, choncho mbali ziwirizi sizingasiyane.

Koma funso latipatsa maperesenti a kusintha, osati kuchuluka kwenikweniko. Zinthu ziwiri zikachulukitsidwa, maperesenti a kukula kwake, omwe timawalemba ndi chizindikiro cha %Δ, timangowaphatikiza:

```
%ΔM + %ΔV = %ΔP + %ΔY
12 + 0 = %ΔP + 3
%ΔP = 12 − 3 = 9
```

Mitengo yakwera ndi pafupifupi 9 peresenti. Pa 12 peresenti ya ndalama zatsopano ija, 3 yapeza katundu watsopano woti igule. Yotsalayo ikulimbirana katundu yemwe analipo kale, n'chifukwa chake mitengo yakwera.

Mawu akuti "pafupifupi" musawataye, chonde. Kuphatikiza maperesenti ndi njira yachidule chabe. Yankho lenileni limachokera pa kugawa:

```
1.12 ÷ 1.03 = 1.0874
```

Apa tapeza 8.7 peresenti. Kusiyana kwake n'kochepa, ndipo pa manambala ang'onoang'ono ngati awa 9 ndi yankho lovomerezeka. Koma ndalama zikanachuluka ndi 80 peresenti, katundu ndi 5, njira yachidule ikanatipatsa 75 pomwe kugawa 1.80 ndi 1.05 kukutipatsa 1.714, kutanthauza 71.4 peresenti. Manambala akakula chonchi, ine ndimagawa basi.

Pomwe ophunzira amapunthwa kawirikawiri ndi pamene katundu watsika. Y akatsika ndi 2 peresenti, samu yake ndi 12 − (−2) = 14, osati 10. Ndalama zachuluka, zogula zachepa. Mitengo ingakwere pang'ono bwanji?

Pomwe taika ziro paja, ndi funso lomwe latiuza kutero. Anthu akayamba kuopa kuti ndalama ikutha mphamvu amathamangira kugula, ndipo V amakwera. V akanakwera ndi 2 peresenti m'funso lathuli, tikanalemba 12 + 2 − 3, yankho n'kukhala 11 peresenti.