Sikirini ya Ubuntu ikakanirira m'kabokosi pa VirtualBox: malangizo a gulu la Loweruka, Rosettenville

Malangizowa ndi a amene mukuphunzira Linux pa laputopu ya Windows, ndipo mwaika Ubuntu 24.04 m'kati mwa VirtualBox 7. Vuto lake ndi ili: mukakulitsa windo ya VirtualBox, Ubuntu satsatira. Amakhala m'kabokosi pakatikati, mwina ka 800x600, ndipo m'mbali monse muli bii. Mabatani ena monga OK amabisala kunsi osaoneka.

Laputopu yanu ilibe vuto, musaitengere kwa okonza m'tauni. VirtualBox imapatsa Ubuntu khadi la zithunzi longoyerekeza, ndipo kuti sikirini izikula yokha pafunika kapulogalamu m'kati mwa Ubuntu komva uthenga wakuti windo yasintha kukula. Kapulogalamuko pamodzi ndi madilaiva ake kamabwera mu Guest Additions. Zimenezi zimaikidwa m'kati mwa Ubuntu, osati mu Windows, ndipo ndi zosiyana ndi Extension Pack. Ambiri amatsitsa Extension Pack n'kutha data pachabe.

Ubuntu ali chozima

Zimitsani Ubuntu kwenikweni. Ngati pa dzina lake palembedwa Saved, makonzedwe a sikirini sasinthika; muyatseni kaye kenaka mumzimitse bwino mpaka palembedwe Powered Off. Mukatero lowani pa Settings > Display. Pa Graphics Controller sankhani VMSVGA, chifukwa ndi imene Linux amagwira nayo bwino. VBoxSVGA ndi ya Windows, ndipo VBoxVGA ndi ya makina akalekale. Video Memory ikokereni pa 128 MB. Enable 3D Acceleration isiyeni yosachonga pakadali pano. Pa malaputopu akale ambiri tili nawowa imabweretsa kuphethira kwa sikirini kapena mdima weniweni.

Onaninso Settings > Storage. Ngati m'malo a CD mukadali fayilo ya ISO imene munaikira Ubuntu, ichotseni. Ikatsalamo, CD ya Guest Additions imatha kukana kulowa ndipo mumalandira uthenga woyamba ndi Unable to insert the virtual optical disk.

Musanapitirire, tengani Snapshot, ndipo batire likhale lodzaza. Magetsi akathima kuika kuli m'kati, makamaka pa laputopu ya batire lofooka, Ubuntu amatha kudzuka ali wosokonekera. Ndi Snapshot mumabwerera pamene munali m'mphindi imodzi.

Kuika Guest Additions

Yatsani Ubuntu, tsegulani Terminal podina Ctrl+Alt+T, ndipo muyambe ndi izi:

```
sudo apt update
sudo apt install build-essential bzip2 linux-headers-$(uname -r)
```

Gawo limeneli ndi limene anthu amalumpha, n'kumadabwa pambuyo pake. Madilaiva a Guest Additions sabwera atapangidwa kale. Amamangidwa pomwepo kuti agwirizane ndi kenelo, mtima wa Linux, imene ili pa makina anu. Pa ntchito imeneyo pafunika gcc, make ndi mafayilo a kenelo yanuyo, ndipo ndi zimene lamulo lachiwirilo likubweretsa. Apa ndi pokhapo pofunika intaneti, ndiye amene mumadalira bando ya pafoni chitirani pa wayifayi ya m'kalasi. CD ya Guest Additions siifuna kutsitsa, inabwera kale ndi VirtualBox ya pa Windows.

Zikatha, pitani pa menyu ya pamwamba pa windo, Devices > Insert Guest Additions CD image. Kachizindikiro ka CD kaoneka pambali pa sikirini. Bwererani mu Terminal:

```
sudo mount /dev/sr0 /mnt
sudo sh /mnt/VBoxLinuxAdditions.run
```

Uthenga wakuti CD yatsegulidwa ngati read-only usakudetseni nkhawa, CD imatero. Samalani zilembo zazikulu ndi zazing'ono m'dzina la fayilo. Lembani mpaka pa /mnt/VBoxL n'kudina Tab, limalizika lokha. Dikirani mpaka mizere isiye kuyenda, muwerenge yomalizira, kenaka:

```
sudo reboot
```

Kuyatsa kukula kodzichitikira

Mukalowanso mu Ubuntu, tsegulani menyu ya View ndi kuchonga Auto-resize Guest Display. Kenaka gwirani ngodya ya windo ndi mausi, muikoke pang'ono. Sikirini iphethira kamodzi n'kudzaza windo yonse. Nthawi zina imayamba kutsatira pokhapokha mutalowa ndi pasiwedi, choncho musaweruze mukadali pa tsamba lolowera.

Kuti Ubuntu atenge sikirini yonse ya laputopu, dinani Host+F. Batani la Host pa Windows ndi Ctrl wa kudzanja lamanja. Malaputopu ena ang'onoang'ono alibe batani limeneli. Ngati yanu ili choncho, sankhani lina pa File > Preferences > Input.

Chenjerani ndi Scaled Mode, imene imayaka ndi Host+C. Imaoneka ngati yathetsa vuto chifukwa chithunzi chimadzaza windo, koma imangotamula ka 800x600 komweko ngati lasitiki: zilembo zimachita mbuu, zozungulira zimakhala zobulungira motalika, ndipo menyu ya pamwamba imasowa. Ambiri amalowamo mwangozi pofuna kukopa mawu ndi Ctrl wa kumanja ndi C. Dinaninso Host+C, menyu ibwerera.

Zikakanabe

Ngati Auto-resize Guest Display ikuoneka yofiifira, yosadinika, ndiye kuti VirtualBox sikumva yankho kuchokera m'kati. Fufuzani:

```
lsmod | grep vbox
cat /var/log/vboxadd-setup.log
```

Lamulo loyamba liyenera kuonetsa vboxguest. Lachiwiri likuonetsani pamene kumanga kunathera. Mukaona mawu okhudza headers, gcc kapena make, bwererani ku lamulo la apt lija, kenaka muyendetsenso malamulo awiri aja, la mount ndi la VBoxLinuxAdditions.run. Kuika kawiri sikuwononga kanthu.

Pali vuto lina lobwera mochedwa: zonse zimayenda bwino kwa milungu, kenaka Ubuntu akalandira kenelo yatsopano kabokosi kaja kamabwerera. Madilaiva anamangidwira kenelo yakale. Ikani linux-headers za yatsopanoyo ndi lamulo lomwe lija, kenaka:

```
sudo /sbin/rcvboxadd setup
sudo reboot
```

Kumangaku kukalephera ngakhale zida zonse zilipo, kawirikawiri VirtualBox yanu ndi yakale kuposa kenelo. Ikani VirtualBox yatsopano pa Windows, mulowetsenso CD ija. Nthawi zonse mukasintha VirtualBox, sinthaninso Guest Additions kuti manambala awo azifanana. Ya VirtualBox mumaiona pa Help > About VirtualBox.

Ngati munachonga Enable EFI pamodzi ndi Secure Boot pa Settings > System, kenelo imatha kukana madilaiva opanda siginecha. Pa makina ophunzirira basi, kuzimitsa Secure Boot ya makina ongoyerekezawo n'kosavuta kuposa kusaina madilaiva. Ya laputopu yeniyeni musaikhudze. Ndipo sikirini ikamakula n'kuima panjira, onani File > Preferences > Display. Maximum Guest Screen Size ikhale pa Automatic kapena None.

Amene mwaika Windows m'kati mwa VirtualBox, yanu ndi yachidule: VBoxSVGA, lowetsani CD yomweyo, tsegulani VBoxWindowsAdditions.exe, vomerani madilaiva, muyatsenso. A VMware ikani open-vm-tools-desktop ndi apt, ndipo a virt-manager ikani spice-vdagent kenaka muchonge Auto resize VM with window pansi pa View > Scale Display.

Amene zikukanabe, Loweruka likubwerali mubwere ndi laputopu, chaja yake, ndi chithunzi cha mizere yomalizira ya vboxadd-setup.log.