Ndikutsanzika, anzanga a m'kwaya

Kwa a Tcheyamani, a Kwayamasitala, ndi inu nonse abale ndi alongo a m'kwaya,

Moni nonse. Ndalemba kalatayi kuti nditsanzike. Pulakatisi ya Lachinayi likubwerali ndi yanga yomaliza, ndipo Lamulungu ndidzayimba nanu kotsiriza ngati membala. A komiti ndinawauza kale sabata yatha, koma ndaona kuti n'kwabwino aliyense amve kuchokera kwa ine mwini, kusiyana n'kuti mudzangoona malo anga ali opanda munthu n'kuyamba kufunsana.

Chifukwa chake n'chachifupi. Kuntchito atisinthira nthawi. Kuyambira mwezi wa mawa ndizilowa 2 koloko masana n'kuweruka 10 koloko usiku, pamene ife timakumana 5 koloko madzulo Lachiwiri ndi Lachinayi. Ndayesa kutembenuza nkhaniyi uku ndi uku, yakana. Palibe wandilakwira, palibe amene ndamusungira kanthu kukhosi, ndipo sindikupita kukwaya ina. Ndikunena mosapita m'mbali chifukwa munthu akachoka pagulu, otsala amayamba kukumba zakale kufuna pamene panalakwika. Musavutike kukumba. Ngati wina akukumbukira mkangano wa yunifomu uja, inde, ine ndinkafuna yabuluu, inu munasankha yobiriwira, ndipo zithunzi zitatuluka ndinaona ndekha kuti olondola munali inu.

Ena mwandifunsa kuti bwanji osamangobwera Lamulungu lokha. Ndikuthokoza, chifukwa funsolo likusonyeza kuti mukundifunabe. Koma nonse mukudziwa kuti nyimbo imapsera ku pulakatisi, Lamulungu timangopakula. Ku pulakatisi ndi kumene timagwirizana popumira, potsitsa mawu, ndiponso pamene a besi ayenera kudikira kaye kuti a soprano amalize mzere wawo. A Kwayamasitala akasintha polowera a tena Lachiwiri, munthu amene kunalibe amalowa pakale paja, yekhayekha, mokweza, ndi mtima wonse. Kwa zaka 7 ndakhala ndikung'ung'udza za anthu otere, ena a inu ndinakuuzani pamaso. Ndiye lero ndisanduke ineyo? Ayi ndithu. Kuli bwino ndikhale pabenchi ndizikumverani.

Ndikamaganiza za zaka zimenezi, chimene chimabwera msanga ndi tsiku langa loyamba. Ndinafika ndikudzitcha wa besi, mwina chifukwa ndinkaona ngati mwamuna wamkulu amayimba besi basi. A Kwayamasitala anandiimika pafupi ndi kiyibodi, n'kundiuza kuti ndizitsatira chala chawo. Potsika ndinatha msanga, mawu anangosanduka mpweya. Pokwera ndinapitirira mpaka iwo anasiya kuliza n'kundiyang'ana. Sananene zambiri, anangoloza mzere wa a tena n'kunena kuti, "Bambo, kwanu ndi uko." Ndinapita ndikunyinyirika, koma ndiko ndakhala mpaka lero.

Nthawi imeneyo solofa sindinkaidziwa n'komwe. Pepala lodzaza ndi d, r, m, f, s, l, t, timadontho ndi timizere, linkandionekera ngati samu ya kusukulu. Inu ndi amene munandiphunzitsa kuti zilembozo ndi do, re, mi, fa, so, la, ti, kuti kamzere kopingasa kakutanthauza kukoka mawu omwewo, ndiponso kuti kuchoka pa mi kupita pa fa, kapena pa ti kupita pa do, ndi theka chabe la sitepe. Theka limenelo ndi limene linandizunza. Ti wanga ankakonda kugona pansi, ndipo ankakoka a tena onse. Mukukumbukira tsiku lija magetsi anazima tili pakati pa pulakatisi, tinayamba nyimbo mu G popanda kiyibodi, magetsi atayaka tinapezeka tili pafupi ndi F? Palibe anatchula dzina, koma maso onse anatembenukira mbali yathu. Amayi athu a alto, amene amaima kumapeto kwa mzere, anayamba kuyambira pamenepo kundilozera chala m'mwamba mobisa, kuseri kwa fayilo yawo, nthawi iliyonse tikamayandikira ti. Achita zimenezi kwa zaka, osauza munthu. Amayi, zikomo. Chala chanucho ndidzachisowa kuposa mmene mukuganizira.

Ndikuthokozanso chifukwa cha zimene sizikhudza nyimbo. Pamene ndinagona m'chipatala masabata awiri, munabwera mosinthana, ndipo anyamata a besi anayimba chapansipansi pakhonde mpaka anamwino anaima kumvetsera. Zimenezo sindidzaiwala.

Tsopano za katundu amene ndimasunga, kuti pasatsale chosokoneza. Mafayilo a nyimbo alipo 32. M'kabati muli 29, atatu ali ndi mamembala amene anabwereka kukaphunzirira kunyumba. Sinditchula mayina, eni ake akudzidziwa, ndipo ndikupempha kuti abwere nawo Lachinayi kuti tiwerengere limodzi. Mafayilo anayi zikuto zake zatha, akufunika kusintha mapepala asanayambe kuthothoka. Kakope kofiira kamene ndimalembamo kiyi wa nyimbo iliyonse kali pashelefu ya pamwamba. Pamene ndinalemba ndi pensulo ndi pamene a Kwayamasitala anatsitsa kiyi kuti a soprano asamakuwe, choncho musafufute poganiza kuti ndinalakwitsa. Zimene tinajambula pa foni, mawu a chigawo chilichonse paokha, ndatumiza kale kwa a mlembi. Zopereka zanga za pamwezi ndamaliza mpaka mwezi uno, a msungichuma angachitire umboni. Yunifomu ndaichapa ndi kuisita, ndidzaipereka Lamulungu tikatha kuyimba. Makiyi a kabati ndidzawasiya m'manja mwa mchemwali amene komiti yasankha kuti atenge ntchitoyi. Ndagwira naye masiku apitawa ndipo ndi wosamala kuposa ine. Chonde muzimubwezera mafayilo pa nthawi yake, musamuthamangitse mmene munkandithamangitsira ine.

Kwa a tena anzanga: mwatsala anayi, ndipo mukwanira. Achimwene awiri amene alowa chaka chino ali ndi makutu akuthwa, kungoti amabisala kumbuyo kwa ife akale. Muwaike kutsogolo. Wamng'onoyo amagwira nyimbo akangoimva kawiri, koma amatha mpweya msanga chifukwa amapumira pachifuwa, mapewa n'kumakwera. Mumuonetse kupumira m'mimba monga munandionetsera ine, m'miyezi yochepa mudzadabwa naye.

Pa zaka zonsezi sindingakhale kuti sindinapondepo wina chala. Ndimadziwa kuti pakamwa panga pamafulumira, makamaka pa nkhani ya kuchedwa ndi ya mafayilo osowa. Amene ndinamulankhula mopweteka, andikhululukire. Kumbali yanga, palibe amene ali ndi mlandu kwa ine.

Ndamva kuti ena akunong'onezana zosonkha kuti pakhale mwambo wonditsanzika. Ndathokoza mtima umenewo, koma ndikupempha kuti musatero. Ngati pali kena kamene kasonkhedwa kale, kagule zikuto za mafayilo anayi aja. Sindikusamuka, nambala yanga ndi yomwe ija, ndipo Lamulungu limene sindili kuntchito muzindiona pabenchi. Pagulu lathu la pa foni ndituluka Lolemba, kuti mauthenga a pulakatisi azifika kwa oyimba okha. Mukadzaona kuti ndatuluka, musadzadabwe. Pakakhala ukwati, matenda kapena maliro a mmodzi wa ife, mundiimbire, ndidzabwera. Nthawi ya ntchito ikadzasinthanso, ndidzabwera kudzapempha malo ngati wina aliyense watsopano, ndipo a Kwayamasitala adzandiyese pa kiyibodi paja, mwina ulendo uno ndidzapezeka wa besi.

Tionana Lachinayi 5 koloko. Ndidzafika msanga kuti tiwerenge mafayilo pulakatisi isanayambe.

Ine wanu,
Wa tena, wosunga mafayilo a nyimbo