Kyubu m'kati mwa mpira, mpira m'kati mwa kyubu: yankho la funso la Loweruka

Kwa ana a kalasi yathu ya masamu ku Rosettenville, makamaka inu a Giredi 10 ndi 11.

Funso linali lotere. Pali mpira wobulungira bwinobwino, sifiya, wa rediyasi r. Tauika m'bokosi la kyubu loukwana ndendende. M'kati mwa mpira womwewo taikamo kyubu yaikulu kwambiri imene ingalowemo. Kodi mpira ukudya gawo lanji la bokosi, nanga kyubu yam'katiyo ikudya gawo lanji la mpira? Ndipo makyubu awiriwo akusiyana kangati?

Ndayang'ana mapepala anu. Fomula nonse mukuidziwa, palibe amene anaiwala kuti voliyumu ya kyubu ndi a³ kapena kuti ya sifiya ndi (4/3)πr³. Pamene panakugwetsani ndi pena: musanagwire kakyuleta simunadzifunse kuti zinthu ziwirizi zikukhudzana pati. Funso lonse lagona pamenepo. Manambala ndiwalemba ndi koma monga mumachitira kusukulu zanu kuno ku Joni. Makolo amene anaphunzira kumudzi asadabwe, 0,52 ndi 0.52 yomwe ija.

Tiyambe ndi chophweka. Mpira ukakhala m'bokosi umakhudza makoma onse asanu ndi limodzi, khoma lililonse pakati penipeni. Kuchoka khoma ili kufika loyang'anana nalo ndiye dayamita ya mpira. Choncho mbali ya bokosi ndi a = 2r.

Voliyumu ya bokosi = (2r)³ = 8r³

Mpira ÷ bokosi = (4/3)πr³ ÷ 8r³ = π/6 ≈ 0,524

Mpira ukudya 52,4 peresenti ya bokosi, kungopitirira theka pang'ono. Tengani mpira wamiyendo wa saizi 5, umene dayamita yake ndi pafupifupi 22 cm. Bokosi lake ndi 22 × 22 × 22 = 10 648 cm³, mpirawo ndi 5 575 cm³. Malita opitirira asanu m'bokosimo ndi mpweya chabe, wambiri wake uli m'makona.

Tsopano mbali imene inakuvutani. Kyubu ikakhala m'kati mwa mpira, makoma ake sakhudza mpira ayi. Zimene zimakhudza ndi makona ake asanu ndi atatu. Mzere wautali kwambiri m'kyubumo ndi umene uyenera kufanana ndi dayamita, ndipo mzere umenewo si mbali, komanso si dayagonolo ya khoma limodzi. Imani m'chipinda chimene mumagona. Yang'anani kona ya pansi kumbuyo kwa chitseko, kenako kona ya kudenga yotalikirana nayo kwambiri. Chingwe chochoka apo kufika apo, chodutsa pakati pa chipinda m'malere, ndicho tikufuna.

Kuti tipeze kutalika kwake timamuitana Pythagoras kawiri. Koyamba pansi: dayagonolo ya sikweya ya pansi, tiitchule d, ili ndi d² = a² + a² = 2a². Kachiwiri timaimika thirayango ina: d yagona pansi, mbali a yaima chilili pakona, ndipo chingwe chathu D ndicho mbali yaitali.

D² = 2a² + a² = 3a², choncho D = a√3

Ambiri munalekera pa sitepe yoyamba n'kulemba a√2 = 2r. Onani zimene zimachitika ndi mpira wathu wa 22 cm. Mbali ikutuluka 15,56 cm, ndipo dayagonolo yeniyeni ya kyubu imeneyo ndi 15,56 × 1,732, pafupifupi 26,9 cm. Chinthu cha 26,9 cm chilowa bwanji mu mpira wa 22 cm? Makona onse aboola chikopa. Cholakwachi chimabwera chifukwa cha chithunzi chimene munajambula, sikweya m'kati mwa seko. Chithunzicho n'choona papepala lafulati, koma pano tili ndi kutalika, mulifupi ndi msinkhu. Ukadula mpira pakati modutsa makona anayi a kyubu, suona sikweya, umaona rekitango ya mbali a ndi a√2. Jambulani imeneyo.

Njira yoyenera nayi:

a√3 = 2r, choncho a = 2r/√3

Voliyumu = 8r³/(3√3) ≈ 1,54r³

Kyubu ÷ mpira = 8r³/(3√3) ÷ (4/3)πr³ = 2/(π√3) ≈ 0,368

Kyubu ikudya 36,8 peresenti yokha ya mpira. Mu mpira wa 22 cm mbali yake ndi 12,7 cm ndipo voliyumu ndi 2 049 cm³.

Ndiye mpira umakhala bwino m'kyubu kusiyana ndi mmene kyubu imakhalira mu mpira: 52,4 kwa 36,8. Mmodzi wa inu analemba m'mphepete mwa pepala kuti iye amayembekeza zosiyana, chifukwa mipata ya m'makona a bokosi imaoneka ikuluikulu. Mwana ameneyu amaganiza, ndipo n'zimene ndimafuna. Ndi zoona kuti mpata wochoka pa chikopa cha mpira kufika pakona ya bokosi ndi wautali, 11√3 − 11, pafupifupi 8 cm. Mpata wochoka pakati pa khoma la kyubu yam'kati kufika pachikopa ndi 11 − 6,35 = 4,65 cm basi. Koma maso amanyenga. Mpata wapakona umanka nuchepa mpaka kuthera pa nsonga, pomwe wapamwamba pa khoma ndi wotambalala, waphimba khoma lonse, ndipo ulipo mbali zonse zisanu ndi imodzi. Mukafika kunyumba tengani mbatata yobulungirako, muiduledule mpaka itsale kyubu, muunjike zodulazo pambali. Mulu wa zodula uposa kyubuyo.

Gawo lomaliza la funso silifuna π n'komwe. Mbali ya kyubu yakunja ndi 2r, ya yam'kati ndi 2r/√3. Yakunja ikuposa inzake ka √3. Kutalika kukachulukitsidwa ndi k, eriya imachulukitsidwa ndi k² ndipo voliyumu ndi k³. Choncho eriya ya makoma ikusiyana katatu ndendende, voliyumu ikusiyana (√3)³ = 3√3 ≈ 5,2. Tsimikizani: 10 648 ÷ 2 049 ≈ 5,2. Mukhozanso kuchulukitsa mayankho awiri aja, π/6 × 2/(π√3). Ma π afafanizika, patsala 1/(3√3). Pa mayeso njira imeneyi ndi yabwino yodzifufuzira nokha musanapereke pepala.

Kanthu kena kwa amene mumakonda kudziwa kumene zinthu zinachokera. Archimedes wa ku Syracuse, amene anamwalira mu 212 Khristu asanabadwe, anasonyeza kuti sifiya imadya magawo awiri mwa atatu a silinda yoikwana ndendende. Silinda imeneyo ikalowa m'bokosi lathu imadya π/4 ya bokosilo, monga seko imachitira m'sikweya. Ndiye 2/3 × π/4 = π/6, yankho lathu loyamba lija, osadutsa pa fomula ya sifiya.

Pa kalembedwe: siyani π ndi √3 mmene zilili mpaka mzere womaliza. Ena munasandutsa √3 kukhala 1,7 poyambirira pomwe, kenako n'kuwerengera 1,7 × 1,7 × 1,7, mwapeza 4,9 m'malo mwa 5,2. Malikisi amatayika pa zotere.

Ntchito ya Loweruka likubwerali ndi funso lomweli koma lotembenuzidwa. Kyubu ndi imodzi, mbali yake 6 cm. Mpira wina uli m'kati mwake, wina waizungulira kunja. Pezani rediyasi ya uliwonse, voliyumu ya uliwonse, ndipo munene kuti waukulu ukuposa waung'ono kangati. Musanawerengere kalikonse, lembani chiganizo chimodzi pa mpira uliwonse chonena pamene ukukhudza kyubu. Pepala lopanda ziganizo ziwirizo ndilibweza osachonga. Tiyamba 9 koloko, mubwere ndi rula ndi kampasi.